Mmene mungawerengere kulemera kwa paipi yachitsulo musanaikweze pagalimoto

Paipi yachitsulo ya mainchi awiri, yotalika mamita 6, itha kulemera makilogalamu 25, 30 kapena 37. Mukagoneka itatuyi pansi moyandikana, diso silingakuuzeni kuti yolemera ndi iti, chifukwa kunja ndi yofanana. Kusiyana kwake kuli m'khoma la paipiyo, ndipo khomalo ndi lomwe mukulipira ndalama. N'chifukwa chake ine sindilola kuti masamu awa azidziwa wogulitsa yekha.

Ndifotokoza pogwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tikufuna kutsitsa madzi kuchoka pathanki kupita kudimba, mtunda wa mamita 144. Tigula mapaipi 24 a mainchi awiri, iliyonse ya mamita 6, amtundu wapakati womwe m'mahadiweya amati Class B. Galimoto yomwe tabwereka imanyamula tani imodzi, ndiye kuti makilogalamu 1,000, ndipo tikufuna kuikaponso matumba 6 a simenti. Kodi ulendo umodzi utheka?

Gawo loyamba: pimani dayamita ya kunja, musadalire dzina la paipi

Dayamita ndi mtunda wochoka mbali ina ya paipi kukafika mbali inayo podutsa pakatikati. Ife tikufuna ya kunja, yophatikiza makoma onse awiri.

Apa m'pamene ambiri amagwera m'mbuna masamu asanayambe n'komwe. Paipi yamadzi yomwe timaitcha ya mainchi awiri, kapena ya 50, kunja kwake si mamilimita 50. Ndi mamilimita 60.3. Dzinalo ndi longoitanira, ndipo limayandikira kukula kwa bowo la mkati osati kunja. Momwemonso ya theka la inchi kunja kwake ndi 21.3, ya inchi imodzi ndi 33.7, ya inchi ndi theka ndi 48.3, ya mainchi atatu ndi 88.9, ndipo ya mainchi anayi ndi 114.3. Koma machubu omwe owotcherera amapangira mipando ndi mageti amatchulidwa ndi kukula kwa kunja kwenikweni, kotero chubu cha 50 chimakhaladi 50 kapena 50.8 kunja. Pasitolo imodzimodzi, dzina limodzimodzi, zinthu ziwiri zosiyana. Njira yothana ndi chisokonezo chimenechi ndi kupima basi.

Ngati muli ndi kalipa, kachipangizo kopimira komwe kamapana chinthu pakati pa mano ake awiri, panani paipi kunja patali pang'ono ndi kumapeto, chifukwa kumapeto kumaphwanyika potsitsa ndi pokoka. Pimani kawiri, kachiwiriko mutatembenuza paipi pang'ono. Ngati mulibe kalipa, dulani kapepala katali, mukazungulize papaipi mothina, muchonge pomwe kakumana, kenako mukatambasule n'kukapima ndi rula. Yankholo muligawe ndi 3.1416. Papaipi yathu kapepalako kakwana mamilimita 189 ndi pang'ono, ndipo 189.4 kugawa ndi 3.1416 ndi 60.3. Chingwe cha sisalo kapena mphira musagwiritse ntchito, zimatamuka.

Tilembe: D = 60.3 mm.

Gawo lachiwiri: pimani khoma, ndipo apa musapupulume

Pa miyeso yonse, uwu ndi womwe umafuna mtima wodekha. Mukalakwitsa dayamita ndi milimita yathunthu, n'kulemba 59.3 m'malo mwa 60.3, yankho lisintha ndi peresenti yosakwana 2. Koma mukalakwitsa khoma ndi 0.3 yokha ya milimita, n'kulemba 3.3 m'malo mwa 3.6, yankho litsika ndi pafupifupi 8 peresenti. Kanthu kakang'ono komwe simungakaone patepi kakuchotserani pafupifupi makilogalamu 2.4 papaipi iliyonse.

Choncho tepi siyokwanira pano. Pamafunika kalipa, ndipo muyambe mwaitseka kuti muone ngati ikuyambira pa ziro. Pimani pamalo podulidwa bwino. Sowo kapena gilayinda imasiya timinga ta chitsulo m'mphepete, ndipo timeneti timanamiza kalipa kuti khoma ndi lokhuthala. Tipaleni ndi tupa kaye. Mukasuzumira mkati mwa paipi zambiri muona mzere wotukuka woyenda m'litali mwake, pomwe anawotcherera kufakitale. Musapime pamzere umenewo. Musapimenso pamazinga, popeza podula mazinga amakhala atasema khomalo ndipo limapyapyala. Ngati paipi ili ndi mazinga mbali zonse ziwiri, pemphani kachidutswa kotsala kamtundu womwewo, mahadiweya ambiri amakhala nato pansi pa kauntala.

Pimani malo anayi mozungulira, muphatikize, mugawe ndi 4. Mwachitsanzo kalipa ikakupatsani 3.5, 3.7, 3.6 ndi 3.6, khoma lanu ndi 3.6. Umenewu ndiwo muyeso wa paipi ya mainchi awiri yamtundu wapakati malinga ndi muyezo wa ku Britain wa BS 1387, womwe unalowedwa m'malo ndi EN 10255 koma dzina lake likumvekabe m'masitolo. Pamuyezo womwewo yopepuka khoma lake ndi 2.9 ndipo yolemera ndi 4.5. Amazisiyanitsa ndi mkombero wa penti: wabuluu ndi yapakati, wofiira ndi yolemera. Penti ndi penti, aliyense atha kupaka, koma tibwereranso pamenepa.

Tilembe: t = 3.6 mm.

Gawo lachitatu: kutalika ndi mtundu wa chitsulo

Kutalika pimani ndi tepi, ndipo mulembe m'mamita. Mapaipi ambiri amabwera a mamita 6, koma ena amaperewera kapena kupitirira pang'ono, choncho tambasulani tepi pa imodzi kapena ziwiri. L = 6 m.

Chotsala ndi densite, kutanthauza kulemera kwa chinthu pa kiyubiki mita imodzi. Tayerekezani bokosi lotalika mita imodzi mbali zonse. Mukalidzaza madzi, madziwo alemera makilogalamu 1,000. Likakhala chitsulo chokhachokha chopanda mpata, lilemera makilogalamu 7,850. Nambala imeneyi ndi ya chitsulo wamba, chomwe amapangira mapaipi akuda komanso oyera a madzi aja olembedwa GI. Simufunika kuipima, ingoisungani pamtima.

Gawo lachinayi: pezani kukula kwa mkombero wa chitsulo

Yang'anani paipi kumapeto kwake. Chomwe mukuona ndi mkombero wa chitsulo wozinga bowo. Bowolo sililemera. Ntchito yathu ndi kupeza kukula kwa mkombero wokhawo.

Yambani ndi dayamita ya mkati. Khoma lili mbali ziwiri, kumanja ndi kumanzere, choncho mulichotsere kawiri:

```
d = D − 2t = 60.3 − 7.2 = 53.1 mm
```

Tsopano chulukitsani dayamita iliyonse ndi iyo yomwe, muchotsere yaing'ono kwa yaikulu, ndipo zotsalazo muzichulukitse ndi 0.7854, yomwe ndi 3.1416 kugawa ndi 4.

```
60.3 × 60.3 = 3636.09
53.1 × 53.1 = 2819.61
3636.09 − 2819.61 = 816.48
816.48 × 0.7854 = 641.26 mm²
```

Mkombero wathu ndi masikweya milimita 641.26. Musafupikitse manambala pakatikati apa. Mukuchotsera manambala awiri aakulu oyandikana, ndiye mukataya timadontho, kulakwitsa kwake kumakula.

Pali kaganizidwe kena komwe ine ndimakakonda kuposa aka, chifukwa munthu umachita kukaona m'maso. Tayerekezani kuti mwang'amba paipi m'litali n'kuitambasula kuti ikhale fulati. Mwapeza chitsulo chathyathyathya chokhuthala mamilimita 3.6. M'lifupi mwake ndi motani? Si kuzungulira kwa kunja ayi, ndipo si kwa mkati, koma kwa pakatikati pa khoma. Dayamita ya pakatikatipo ndi 60.3 kuchotsa 3.6, yomwe ndi 56.7. Kuchulukitsa ndi 3.1416 tipeza mamilimita 178.13. Kuchulukitsanso ndi 3.6 tipeza 641.26, chimodzimodzi ndi poyamba paja. Sikuti zangoyandikana mwamwayi. Njira ziwirizi ndi masamu amodzi olembedwa mosiyana, ndipo zimagwirizana ngakhale khoma likhuthale chotani.

Onetsetsani kusiyana kwake: pofuna bowo la mkati timachotsera khoma kawiri, pofuna pakatikati pa khoma timachotsera kamodzi. Anthu amasokoneza ziwirizi kawirikawiri.

Gawo lachisanu: chulukitsani ndi kutalika, kenako ndi densite

Densite ili m'mamita, mkombero wathu uli m'mamilimita. Ziyenera kulankhula chinenero chimodzi. Mita imodzi ndi mamilimita 1,000, koma sikweya mita imodzi ndi masikweya milimita 1,000,000, chifukwa ndi 1,000 m'litali ndi 1,000 m'lifupi. Choncho tigawa ndi miliyoni, osati ndi 1,000.

```
641.26 ÷ 1000000 = 0.00064126 m²
0.00064126 × 6 = 0.0038476 m³
0.0038476 × 7850 = 30.2 kg
```

Paipi imodzi ikulemera makilogalamu 30.2, ndiye kuti mita iliyonse ndi makilogalamu 5.03. Mukatsegula tebulo la muyezo wa EN 10255 mupeza 5.03 yomweyo.

Musanakhulupirire kakyuleta, funsani manja anu. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Paipi iyi anthu awiri amainyamula paphewa mosavuta, ndipo mmodzi atha kuidzutsa, kungoti kutalika ndi komwe kumamuvuta. Makilogalamu 30 akumveka. Kakyuleta ikanati 30,000 kapena 0.03, mukanadziwa kuti mwasochera pamaziro.

Njira yachidule ya pasitolo

Pakauntala, wogulitsa akudikira ndipo anthu ali pamzere kumbuyo kwanu, simungalembe zonsezi. Manambala omwe sasintha aja, 3.1416 ndi 7,850 ndi miliyoni ija, anawaphatikiza kale kukhala nambala imodzi, 0.02466. Ndiye zimakhala chonchi, D ndi t zili m'mamilimita:

```
kg/m = (D − t) × t × 0.02466
(60.3 − 3.6) × 3.6 × 0.02466 = 5.03
5.03 × 6 = 30.2 kg
```

Pafoni chotserani kaye, mudine chizindikiro cha yankho, kenako muzichulukitsa. Mukalemba zonse motsatizana popanda mabulaketi, foni iyamba ndi kuchulukitsa ndipo ikupatsani pafupifupi 60, nambala yopanda tanthauzo.

Amene mumalemba makoteshoni pakompyuta, ikani dayamita mu A2, khoma mu B2, kutalika mu C2 ndi densite mu D2:

```
=PI()*(A2-B2)*B2*C2*D2/1000000
```

Nambala ya 0.02466 ndi ya chitsulo wamba chokha. Chitsulo chosachita dzimbiri chamtundu wa 304 densite yake ndi pafupifupi 7,930, ndipo nambala yake imakhala 0.02491. Aluminiyamu ndi 2,700, nambala yake 0.00848, kotero paipi ya miyeso yomweyi ikanakhala ya aluminiyamu ikanalemera makilogalamu 10 ndi pang'ono. Ndipo njirayi ndi ya paipi yozungulira basi. Chubu cha makona anayi chili ndi masamu akeake.

Tibwerere kugalimoto yathu

Mapaipi 24 kuchulukitsa ndi 30.2 ndi makilogalamu 725. Simenti matumba 6 ndi 300. Zonse pamodzi 1,025. Tadutsa kale tani, tisanawerengere masoketi, dalaivala ndi anyamata awiri okatsitsa katundu. Simenti idikire ulendo wachiwiri, kapena tipeze lole.

Tsopano onani chomwe chikanachitika tikanakhulupirira dzina la paipi n'kulemba 50 m'malo mwa 60.3. Tikanapeza makilogalamu 24.7 papaipi iliyonse, onse 24 akanakwana 593, ndi simenti 893. Papepala zikanaoneka kuti malo alipo otsala. Masipuling'i ndi mabuleki a galimoto ndi omwe akanadziwa zoona zake potsetsereka. Kulakwitsa kumeneku n'koopsa kuposa kwina konse chifukwa yankho lake limaoneka lanzeru, silikuchenjezani.

Zolakwa zina zimadziulula zokha mukadziwa nkhope zake. Mukapeza pafupifupi theka la zomwe manja akuuzani, monga 15.6, ndiye kuti pofuna bowo la mkati munachotsera khoma kamodzi. Mukapeza 121, kuwirikiza kanayi, munachulukitsa ndi 3.1416 pomwe pamafunika 0.7854. Mukapeza 134.5, mwaiwala bowo ndipo mwawerengera mtanda wachitsulo wopanda mphako. Mukapeza 32.1, mwatambasula paipi ija ndi kuzungulira kwa kunja m'malo mwa pakatikati pa khoma.

Mawu amodzi pa kanyamulidwe, popeza masamu sakunena zonse. Tani imodzi ija ndi ya katundu wokhala m'bodi, wogawika bwino. Paipi ya mamita 6 papikiapu imatsamira pazitsulo za pamwamba kapena kulendewera kumbuyo, ndipo zitsulo zimenezo zili ndi malire akeake ochepa kwambiri. Makilogalamu 725 ali m'mwamba amapendamitsa galimoto pakona ngakhale tani isanakwane.

Zomwe fomula siiona

Yankho lathu ndi la paipi yakuda, yopanda kanthu mkati, yopanda soketi. Paipi yamazinga yobwera ndi soketi yake imalemera makilogalamu 5.10 pamita m'malo mwa 5.03, ndiye kuti pafupifupi theka la kilogalamu kuwonjezera papaipi iliyonse. Zinki yomwe amakutira mapaipi oyera, kunja ndi mkati, imawonjezera pafupifupi 3 peresenti papaipi ya kukula uku. Koma samalani kuti musaiwerengere kawiri. Ngati 3.6 munaitenga patebulo, wonjezerani zinkiyo. Ngati munapima nokha ndi kalipa papaipi yokutidwa kale, zinki ili kale m'muyeso wanu, ndipo kulemera kwake kumayandikira kwa chitsulo, choncho musawonjezerenso kanthu.

Madzi nawo amaiwalika. Paipi ikadutsa pamwamba pa ngalande kapena ikapachikidwa kukhoma, zogwiriziza zimanyamula chitsulo ndi madzi omwe. Bwererani ku 2819.61 uja wa bowo la mkati, muchulukitse ndi 0.7854, mugawe ndi 1,000. Mupeza malita 2.21 pamita iliyonse, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Paipi ya mamita 6 yodzaza ili ndi madzi olemera makilogalamu 13.3, zonse pamodzi 43.5. Wowotcherera mabulaketi mumuuze 43.5, osati 30.

Paipi yakale yogula kwa ogulitsa zitsulo zotha ntchito ndi nkhani ina. Dzimbiri silidya mofanana, kumapeto kutha kuoneka kwabwino pomwe pakati padyeka, ndipo mkati mutha kukhala matope ouma. Imeneyo ingoikani pasikelo, ndipo musaiike ponyamula thanki.

Ngakhale yatsopano siikwana ndendende. Miyezo imalola mafakitale kusiyana pang'ono, mwachitsanzo wa ku America wa ASTM A53 umalola kulemera kukwera kapena kutsika ndi 10 peresenti. Choncho paipi yomwe masamu akuti 30.2 ikalemera 29 pasikelo, palibe mlandu. Ikalemera 25, imeneyo ndi paipi ina.

Gawo lomaliza: tembenuzani masamu kuti sikelo ikuuzeni khoma

Apa ndi pomwe masamuwa amabweza ndalama m'thumba. Kalipa imapima malo amodzi, ndipo dzanja likanjenjemera imanama. Sikelo imapima chitsulo chonse nthawi imodzi. Dulani mita imodzi ndendende, kapena tengani chidutswa chilichonse, muchipime kutalika, muchikweze pasikelo n'kugawa kulemera kwake ndi kutalikako. Sikelo yopachika yomwe timapimira soya ndi mtedza imakwanira, koma iyeseni kaye ndi chigubu cha malita 5 a madzi. Iyenera kuonetsa makilogalamu 5 ndi kakulemera ka chigubucho.

Kenako yesani makoma atatu aja m'fomula yachidule. Pa dayamita ya 60.3, khoma la 2.9 lipereka makilogalamu 4.1 pamita, la 3.6 lipereka 5.03, la 4.5 lipereka 6.19. Nambala yomwe sikelo yayandikira ndiyo paipi yomwe muli nayo, kaya penti ikunena zotani.

Zinandichitikira pantchito ina ya kudimba ngati yomweyi. Mapaipi 24 anafika ndi mkombero wabuluu wowala bwino, lisiti litalembedwa Class B. Mnyamata yemwe ndimagwira naye ntchito atanyamula yoyamba anaima n'kunena kuti, "Bwana, iyi ikupepuka. Ija tinaika mwezi watha inkandipweteka phewa." Ndinadula mita imodzi n'kuipachika pasikelo pansi pa mtengo wa mango. Muvi unaima pa 4.2. Yapakati yokutidwa zinki inayenera kufika cha pa 5.1 kapena 5.2. Kilogalamu yathunthu inkasowa pamita iliyonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chitsulo chomwe mwini dimba analipira. Ndipo vuto silinali la ndalama lokha. Khoma la 2.9 ukalidula mazinga pamatsala chitsulo chochepa, ndipo paipi yokwiriridwa m'dothi lonyowa imayamba kuboola pamenepo.

Ndinabwerera kusitolo ndi chidutswacho, sikelo ndi kapepala ka masamu. Sindinakweze mawu. Ndinati, "Achimwene, tapimani nokha, mwina sikelo yanga ndi yomwe ikunama." Anapima pasikelo yawo ya misomali, inaonetsa 4.2 yomweyo. Anayang'ana kapepala kaja kwa kanthawi, kenako anaitana wa kumbuyo kuti atsegule mtolo wina. Tinadulanso mita imodzi pomwepo, ndipo imeneyo inaima pa 5.1. Mapaipi 23 osadulidwa aja anabwerera tsiku lomwelo, ndipo yodulidwayo ndinaigula pamtengo wa yopepuka n'kukapangira miyendo ya benchi.